Kalata Yopempha Miyezi Khumi ndi Iwiri

Kalata yoyamba ndinailemba nditaimirira, m'manja muli girizi. Ndinali nditangochokera kubanki, komwe anandiuza kuti a ofesi ya msonkho atseka akaunti yanga, ndipo ndalama iliyonse yolowamo izipita kwa iwo mpaka ngongole ithe. Ngongoleyo inali ya zaka ziwiri, msonkho wa kashopu kanga kowotcherera zitsulo ku Kwekwe, ku Zimbabwe. Monga aliyense nthawi imeneyo, ndinkati ndikachedwetsa, kukwera kwa mitengo kuidya kokha ngongoleyo. Sindinawerengere chilango ndi chiwongoladzanja.

Tsono Lachisanu lake amgodi amayenera kundilipira ntchito ya mapaipi, ndipo amalipira kudzera muakaunti yomweyo. Ikalandidwa ndalama imeneyo, anyamata anga atatu a pashopu osalandira, ndodo zowotcherera osagula, shopu kutseka.

Mkazi wanga anawerenga kalatayo n'kuipinda bwinobwino.

"Abambo, apa mukupempha kapena mukutukwana?"

"Ndikunena zoona! Akuba anthu amenewa."

"Zoonazo mukazinene kumaliro a shopu yanu. Ine pa Beitbridge ndimadutsa ndi katundu mwezi ndi mwezi. Wa yunifomu sumuuza kuti ndi wakuba. Umamuuza zimene uli nazo, ndi tsiku."

Ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa. Iye anangotola kapuyo n'kundipatsa pepala lina. Yachiwiriyo ndinailemba m'Chingerezi cha ku sekondale, iye akundichotsera mawu ngati minga ya nsomba. Ndinaika nambala yanga ya msonkho, ndinavomera ngongole, ndinati mafomu onse otsalira ndawadzaza ndipo ndawaphatikiza. Ndinapempha modzichepetsa kuti ndizilipira pang'onopang'ono kwa miyezi khumi ndi iwiri, komanso kuti anditsegulire akaunti. Mawu akuti modzichepetsawo anandiwawa ngati dzino.

Lachinayi m'mawa ndinapalasa njinga kupita kuofesi. Nditalowa, ndinaima pamzere. Pa desikipo panali mayi yemwe chaka chapitacho anabwera kushopu kudzafunsa mabuku, ine n'kumuthamangitsa ndi mawu oti sindingawabwereze pano. Anandizindikira. Sanandipatse mpando.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse.

"Mdhara, mwalemba nokha iyi?"

"Ndalemba ndekha, mayi."

"Pakamwa panu ndimapadziwa. Sipotere."

Ndinagwira chipewa ndi manja onse awiri kuti dzanja lisaloze munthu.

"Miyezi khumi ndi iwiri," anatero. "Inu ndi ine tikudziwa kuti pofika mwezi womalizawo ndalama imeneyi sidzagula ngakhale dzira. Mukufuna tikukhululukireni popanda kutchula mawuwo."

Sananame. Ndinangoti, "Nanga mungandipatse ingati, mayi?"

"Itatu, bwana akavomera. Chiwongoladzanja chizipitabe. Gawo loyamba lero, ndione lisiti. Mukaphonya mwezi umodzi, pangano latha, titsekanso."

"Lero? Ndilipira ndi chiyani, akaunti mwatseka ndinu nomwe?" Mawu anakwera okha. Anthu a pamzere anatembenuka, mlonda wa pakhomo anasuntha phazi.

Mayiyo anaika kalata yanga pambali, pamulu wa mapepala ena, n'kupinda manja. Ndinadziwa kuti pamulu umenewo pepala limagona mwezi.

"Pepani, mayi. Ndi za tsiku lija zomwe, pepani. Ndalamayo ndibwera nayo isanakwane thuu koloko."

Anaitenganso kalatayo. "Lembaninso, muike itatu. Musaine."

Kunyumba kunali mabotolo a mafuta ophikira omwe mkazi wanga anabwera nawo kuchokera ku Joni, mpamba wake wonse wa ulendo wotsatira. Sanadikire kuti ndimupemphe kawiri. Tinawagulitsa kwa makorokoza, anyamata okumba golide, pamtengo wolira nawo, chifukwa ndi okhawo anali ndi ndalama m'thumba. Ndinanyamula mitolo ya ndalama zamapepala m'chikwama cha pulasitiki, ndinalipira, ndinabweretsa lisiti.

Bwana woti asaine kunalibe. Akuti anali pamzere wa petulo. Ndinakhala pabenchi, ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma, pakamwa nditatseka ngati pamangidwa ndi waya. Banki inatseka ndili pomwepo. Anafika dzuwa litapendeka, akununkha thukuta, nasaina osandiyang'ana n'komwe.

Lachisanu ndinali woyamba pachitseko cha banki, kalata yotsegulitsa akaunti ili mkati mwa shati. Kalaliki anaitenga, analowa nayo mkati, anakhalitsa. Potuluka anati yatsegulidwa, koma ndalama ya amgodi sinalowe. Inalowa masana, yonse, osadulidwa.

Kutapa zambiri pa tsiku a banki sankalola, choncho anyamata ndinawalipira mwapang'onopang'ono sabata yonse, ndalama ikusungunuka tikuiona. Koma Lolemba shopu inatsegulidwa. Mkazi wanga mwezi umenewo sanapite ku Joni, ndipo sananditchulirepo za mafuta aja, ngakhale pa tsiku loti tayambana.