Mmene a Esau Anafewetsera Nthenga

Mwezi wa Okutobala ku Lisasadzi dzuwa limaswa mtengo. Mphepo imayamba m'mawa, youma, yafumbi, ndipo masana akamvuluvulu amayendayenda m'mizere yakale. Nyengo imeneyi imafuna zinthu ziwiri kwa mlimi wa fodya: kuthirira nazale ndi kudikira mvula. Kwa a Esau inkafunanso chachitatu, kutseka zitseko za shedi, chifukwa badiminitoni ndi mphepo sizimwerana madzi.

A Esau anabwera kuchokera ku Phalombe ali mnyamata, pa lole ya matenanti. Anzawo ankabwerera kwawo fodya akagulitsidwa, koma iwo anakhazikika, nakwatira, ndipo patapita zaka esiteti inawaika pa ntchito yosankha fodya wa bale. Zala zawo zinkadziwa tsamba. Masewerawo anaphunzira m'holo ya parishi, kwa bulazala wina amene anabwera ndi malaketi anayi ndi neti. Bulazalayo atasamutsidwa anasiya malaketi awiri m'manja mwa a Esau, ndipo anthu ankati munthu wamkulu akuthamangitsa kanthu konga mwanapiye.

Mabelo akapita ku okushoni, shedi yaikulu inkatsala yopanda kanthu, denga lake lili patali. A Esau ankasesa, kulemba mizere ndi laimu, kumanga neti pa nsanamira ziwiri. Mmenemo anaphunzitsa mwana wawo Consolata. Ankasewera ndi mashatolo, timipira ta masewerawa, a nayiloni, achikasu, olimba. Imodzi inkatha masabata ambiri, ndipo ngakhale itafooka ankaimenyabe.

"Laketi si khasu," ankatero. "Igwire ngati ukupereka moni, zala zisaume. Ima cham'mbali. Dzanja lamanzere liloze shatolo. Chigongono chitsogole ngati ukugenda mango, mkono upotoke, zala zifinye pomenya penipenipo."

Anamuphunzitsa kiliya, kumenya kokweza shatolo m'mwamba kuti ikagwe kumzere wakumbuyo kwa mnzako. Anamuphunzitsa simashi, kumenya kotsitsa ndi mphamvu. Kukonzekera kwake n'kumodzi, kuti mnzako asadziwe chikubwera. Kusiyana kuli pokumana. Pa kiliya umaipeza shatolo pamwamba pa phewa, laketi italoza kumwamba. Pa simashi umaipeza patsogolo pako pang'ono, laketi itawerama. Consolata anakonda simashi. Ikalira m'shedimo, nkhunda zinkathawa padenga.

Chaka china, masiku amene anthu ankakhala pamizere kudikira makuponi a feteleza, kunabwera Madamu Evelyn, mphunzitsi wa zamasewera pa sukulu ya Consolata. Anatsika panjinga atanyamula chubu chachitali cha pepala lolimba.

"Bambo a Consolata, Loweruka la sabata ya mawa kuboma asankha mtsikana mmodzi wokaimira boma lathu ku Lilongwe. Mwana wanuyu ndamulembetsa. Koma kumeneko sasewera ndi mapulasitiki anuwa."

Anatsegula chubucho. Munali mashatolo khumi ndi awiri, oyera, a nthenga za tsekwe zozikidwa pa kamutu kofewa.

"Awa ndi okhawa amene ndapeza. Akatha, atha."

Consolata anatenga imodzi, naiponya m'mwamba, naimenya kiliya monga ankachitira masiku onse. Inachoka pa laketi mwaliwiro ndi kulira kokoma, inakwera, kenako inaima ngati yagunda khoma losaoneka, n'kugwa chowongoka. Inatera kutali ndi mzere wakumbuyo.

"Iii, ababa, yatopa panjira!"

"Siyinatope. Wazolowera ya nayiloni, imene imapitirira yokha n'kutsika chopendekeka. Iyi imafuna uifikitse wekha."

Anayesa simashi. A Esau, ndi bondo lawo lovuta, anaibweza. Anamenyanso, anaibwezanso.

"Nkhalamba ikukubwezera," anaseka Madamu Evelyn. "Nanga atsikana a kuboma akakuchita chiyani?"

A Esau anafotokoza zimene bulazala uja anawasonyeza kale. Ya nayiloni ukaimenya mwamphamvu siketi yake, mbali yotambasukayo, imapindika, mphepo siyiigwira kwambiri, choncho imafika kwa mnzako ikali ndi liwiro. Nthenga zimakhalabe chitambasukire, ndipo shatolo imataya liwiro msanga. Pa nthenga, simashi ya kumzere wakumbuyo ndi mphatso kwa mnzako, ndipo kiliya yoperewera ndi mphatso yoposa pamenepo.

Anapitiriza kusewera, koma dzuwa lisanapendeke mashatolo atatu anali atathyoka nthenga. Imodzi Consolata anaicheka ndi mkombero wa laketi. Enawo anangothetheka okha. Shatolo yothyoka nthenga imauluka ngati yaledzera, singaphunzitse munthu mtunda. Consolata anakhala pansi, laketi ili pamiyendo.

"Ndiye kuti masiku atatu atha onse. Ndikapita kuboma ndi dzanja la nayiloni."

A Esau anatola yothyoka imodzi, napinda nthenga yake ndi chala chachikulu. Inati thwa. Kulira kumeneko ankakudziwa. Ndi mmene limalirira tsamba la fodya munthu akalitsitsa m'chigafa masana kukutentha. Wosankha fodya sagwira tsamba louma choncho. Amadikira chinyontho cha m'mawa, kapena amawaza madzi pansi n'kufunditsa chiguduli, mpaka tsamba litafewa ngati nsalu.

Madzulo amenewo anang'amba kachidutswa ka chiguduli, nakaviika m'madzi, nakafinya mpaka dontho linasiya kutuluka. Anakaika kukamwa kwa chubu, mbali imene kwaloza nthenga, osakhudza mashatolowo, ndipo anatseka mbali zonse ziwiri. Kamutu sankafuna kuti kanyowe, kangatupe n'kulemera. Chubucho anachigoneka pafupi ndi mtsuko wa madzi, pamalo pozizira m'nyumba monse.

"Mwayamba kusankha nthenga tsopano?" anafunsa Consolata. "Izi ndi giredi yanji?"

"Yoyamba. Iwe ndiye sindinakupatse giredi."

M'mawa, atabwera kothirira nazale, anachotsa kachiguduli kaja napinda nthenga imodzi. Inawerama, n'kubwerera. Tsiku limenelo shatolo imodzi inagwira ntchito mpaka madzulo.

Anagawa ntchito motere: kutenthetsa thupi, kayendedwe ka mapazi ndi simashi, nayiloni. Kiliya yokha, nthenga. Anayala saka m'ngodya iliyonse yakumbuyo, pakati pa mizere iwiri ya kumapeto kwa bwalo, ndipo Consolata ankayenera kugwetsa shatolo pasakapo. Masiku oyamba ankalimbira ndi phewa, shatolo n'kumaperewerabe.

"Mphamvu siili m'phewa," ankatero a Esau. "Fika kumbuyo kwake msanga, isakupitirire pamutu. Thupi lichoke pa mwendo wakumbuyo. Ipeze pamwamba penipeni, mkono utatambasuka. Usaidikire itsike, imagwa msanga iyi."

Kunja mphepo inkagwedeza malata. M'kati munali fungo la fodya wa chaka chatha ndi thukuta. Lachitatu shatolo inayamba kutera pasaka. Lachisanu a Esau anasiya kulankhula, ankangotola n'kuponya. M'chubu munatsala mashatolo atatu.

Loweruka a Esau anadzuka kusanache kukathirira nazale, kenako anatenga mwana wawo panjinga mpaka pamsewu wa tala, nakwera minibasi. Holo ya kuboma inali ndi denga lalitali ndi mawindo otseka. Atsikana ena anali ndi nsapato zoyera ndi zikwama za malaketi. Consolata anali ndi laketi ya bulazala, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

Anapambana masewera oyamba mosavutika. Omaliza anakumana ndi Thoko, mtsikana wamtali wa sukulu yogonera komweko, amene anakulira pa nthenga. Anthu atayamba kukuwa, dzanja lakale linabwerera. Consolata ankamenya simashi ali kumzere wakumbuyo, Thoko n'kungoitsekereza kuti igwere kuseri kwa neti. Akathamangira n'kuikweza moperewera, Thoko ankaikhomerera pansi. Gemu yoyamba inapita choncho.

Pa nthawi yopuma a Esau anayandikira, chipewa chili m'manja.

"Ababa, akundibwezera zonse."

"Ndaona. Masaka aja wawasiya kuti?"

"Kunyumba."

"Ayi. Ali m'ngodya umo. Ayang'ane."

Consolata anapukuta nkhope, nabwerera. Kiliya yoyamba inakwera mpaka pafupi ndi denga, inaima, n'kugwa chowongoka pangodya ya kumanzere kwa Thoko. Thoko anaisiya poganiza kuti yatuluka. Woyang'anira mzere analoza m'kati. Yachiwiri anaithamangira chambuyo, naibweza movutika, ndipo inangofika pakati pa bwalo. Apo Consolata anaima cham'mbali, dzanja lamanzere m'mwamba, naipeza patsogolo pake. Inalira ngati mkwapulo, n'kugwa pambali pa phazi la Thoko.

"Ameneyo!" anakuwa Madamu Evelyn. "Wa ku Lisasadzi ameneyo!"

Sizinali zophweka. Thoko ankadziwa kugwetsera pafupi ndi neti, ndipo kawiri konse anamugwaditsa Consolata pasimenti. Koma mwana wa a Esau anasiya kufulumira. Ankamukankhira kumbuyo, kumanzere, kumanja, kumbuyonso, ndipo simashi ankaisunga kufikira shatolo itabwera yoperewera. Anatenga gemu yachiwiri. Yachitatu inayenda mutu ndi mutu mpaka kumapeto, ndipo kumenya komaliza sikunali simashi. Inali kiliya imene Thoko, miyendo itatha, anangoiyang'ana ikutera m'kati mwa mzere.

Bambo wina amene anakhala pafupi ndi a Esau anafunsa kuti mtsikanayo amaphunzira ku kalabu iti.

"M'shedi ya fodya," anayankha a Esau. "Ndi mwana wanga."

Mkulu wa mpikisano anatchula dzina la Consolata, nati ulendo wa ku Lilongwe ndi wa mwezi wa mawa. Thoko anabwera kudzamugwira chanza, nayang'ana laketi ija, nati, "Iwe, mphirawu ndi wa njinga? Udzandibwereke ukabwerako ku Lilongwe."

Anafika kwawo dzuwa likulowa. Kum'mawa kunali mitambo yoyamba, yakutali, yopanda lonjezo, ndipo mphepo inali ikadali youma. Consolata anathamangira kukauza amayi ake. A Esau anatenga makeni awiri napita kudambo, nathirira nazale bedi ndi bedi mpaka nthaka inada. Atabwerako anatsegula chubu chija, nayang'ana mashatolo atatu otsalawo. Anaviika kachiguduli, nakafinya, nakaika kukamwa kwa chubu, natseka, nachigoneka pafupi ndi mtsuko.