Chonga Chofiira cha Mayi Chonga

Ana a fomu thu ankawatchula kuti Mayi Chonga, chifukwa pa zaka makumi awiri zauphunzitsi palibe amene ankawaposa liwiro pochonga makope. Okha ankanyadira. Makope makumi asanu ndi atatu, tiyi asanazizire, atha!

Chinsinsi chawo chinali chakuti sankawerenga. Pa phunziro la chifanifani ndi chiyerekezo, lomwe ankaliimba chaka ndi chaka, diso lawo linkangosaka liwu limodzi.

"Mukati 'Mwanayu ndi wochenjera ngati nyani,' chimenecho n'chifanifani," ankatero akugogoda bolodi. "Pali 'ngati' kapena 'monga', mwangofananitsa. Koma mukati 'Mwanayu ndi nyani,' n'chiyerekezo. Mwamutcha chinthucho, osazungulira. Mwamva, mitu yowuma inu?"

Lachinayi lina anagawa makope, belu la masana n'kulira. Onse anathamangira kunja kupatula mtsikana wa pa desiki yakumbuyo, wofatsa uja. Mayi ake anali atamwalira chaka chatha, ndipo ankakhala ndi amalume ake, awiriwiri m'nyumba. Anabwera pa tebulo atafumbata kope.

"Madamu, mwawerenga?"

"Iwe, si wakhoza zonse? Ukufunanso chiyani, mphoto?"

"Ayi. Koma mwawerenga?"

Mayi Chonga anavala magalasi monyinyirika, n'kutsegula.

Pa zifanifani panalembedwa: Amalume amayenda mwakachetechete ngati mphaka. Ndimagona ngati mbewa, khutu lili kuchitseko.

Pa ziyerekezo: Chipinda changa ndi khola lopanda chitseko. Amalume ndi fisi.

Pambali pa chiganizo chilichonse panali chonga chofiira, chawo chomwe. Pansi analemba okha kuti, "Wakhoza! Pitiriza." Kalanga ine, pitiriza chiyani?

Anabwerera masamba m'mbuyo. Mwezi wathawo, pa ntchito yofanana, mtsikanayo analemba kuti amalume ake amamuyang'ana ngati nyama ya pa mbale. Chonga chinaliponso. Mwana anayamba ndi kufananitsa, poopa kutchula. Lero watchula. Manyazi anawagwira Mayi Chonga, mantha n'kubwera pambuyo.

"Mwanangu, alipo wina amene wamuuza?"

"Ndinauza inu, Madamu. Kawiri."

Panja panalira hutala ya njinga yamoto. Mtsikanayo anacheukira ku zenera.

"Ndi iwowo. Masiku ano amadzanditenga okha."

Pa zenera Mayi Chonga anaona bambo waudongo, malaya osita bwino, akupatsana moni ndi mlonda mosekerera. Kenaka bamboyo analowa pa geti, akulunjika ku kalasi. Ofesi ya ahedi inali kutsidya kwa bwalo, ndipo njira yopitira kumeneko inali yomweyo akubwerayo.

Mayi Chonga anapanira kope m'khwapa, n'kugwira mkono wa mwanayo zolimba.

"Odi, aphunzitsi! Ndadzatenga mwana wanga."

"Lero sapita," anatero Mayi Chonga ataima pakhomo. "Tipite tonse kwa ahedi. Pali ntchito yake yomwe ndinachonga osawerenga."