Ukwati Womanga Munthu Mmodzi

Emma amawamba nsomba kuseri kwa msika wa ku Mbamba Bay. Anabadwira konkuno, ngakhale makolo ake anachokera ku Likoma. Ine nditangofika kuno ndi amuna anga kuchokera ku Nkhotakota, Chiswahili ndisakudziwa ngakhale cha moni, ndi iye amene anandiphunzitsa kugula mchere m'duka, sitolo ya kuno, osaberedwa. Ndi wamfupi, maso ake ndi ofiira ndi utsi, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa chifukwa cha dzino lobenthuka. Ana ali nawo awiri. Wamkulu ndi Katarina, choncho timati amake Katarina.

Mwamuna wake Thadei ndi kalipentala wa kumapiri, wa mtundu wa Amatengo. Anatsika kudzakhoma zitseko za m'maduka, nakondana ndi Emma. Ankhoswe anakambirana, kenako Padre wathu wa Angilikani anadalitsa ukwatiwo m'tchalitchi, malumbiro ndi mphete zonse. Makolo a Thadei sanabwere. Emma ankati ndi kutalika kwa njira. Patapita zaka, Thadei anakwera kwawo kukafolera nyumba, ndipo anayamba kutsika mwa apo ndi apo, mpaka analekeratu.

Amuna anga a Efraimu amaphunzitsa pa sukulu ya mishoni. M'chaka cha 1955 Padre woyang'anira sukulu anawauza kuti akonzere a Sitandade 6 maphunziro a ukwati: mmene umamangidwira kwa ife, kwa Aroma, kwa Asilamu ndi pa mwambo wa makolo, popeza ana a kuno amakulira pamodzi. A Efraimu sakonda kuphunzitsa za m'maluwa, ndiye Loweruka lililonse ankapita kukafunsa eni ake. Anayamba ndi a Silvanus, katekisiti wa Aroma.

Sabata yomweyo Emma anabwera kwathu akuseka, dengu lili pamutu.

"Amake Fexon, tamvani bodza la lero. Mayi wogulitsa nyemba wa kumapiri akuti Lamulungu alengeza m'tchalitchi cha Aroma kuti Thadei akukwatira mtsikana wina, Veneranda. Thadei wanga yemweyu. Ndamuuza kuti mwina ndi Thadei wina, woweta mbuzi."

Ine ndinaseka naye. A Efraimu sanaseke.

"Amake Katarina, amuna anu anabatizidwa kuti?"

"Kwawo, kwa Aroma. Ali khanda."

"Makolo awo onse ndi Aroma? Anakulira momwemo?"

"Mpaka kutumikira pa Misa. Koma tinakwatira kwathu kuno, aphunzitsi. Anthu anadya mpunga."

A Efraimu ananena zimene a Silvanus anawauza: munthu wa Roma amayenera kukwatira pamaso pa wansembe wa Roma ndi mboni ziwiri. Akakwatira pamaso pa wansembe wa mpingo wina, kwa iwo ukwatiwo palibe. Sakuthetsa ukwati ayi, akuti sunakhalepo chiyambire.

Emma anatula dengu.

"Nanga ana awiriwa ndinabereka ndi mphepo?"

Masiku amenewo Emma analeka kuwamba nsomba. Aroma amalengeza ukwati Malamulungu atatu, ndipo limodzi linali litapita. Emma anawagwira a Efraimu ngati munthu womira.

"Inu mukuyendera zipembedzo zonse. Mwa zonsezo payenera kupezeka chimodzi chomugwira mwendo. Ndipita nanu."

Ine ndinkatsagana nawo, mwana wanga Fexon ali kumbuyo, kuti anthu asanene zina.

Tinayamba ndi Padre wathu. Anamulandira bwino, namuuza kuti pamaso pa Mulungu iye ndi mkazi wa Thadei, ndipo Thadei ndi mwamuna wake mpaka imfa. Emma anawala kumaso.

"Ndiye mukawauze Aromawo."

"Mwana wanga, ndingalembe kalata, koma iwo samvera ine."

"Nanga akakwatira, ine nditani?"

"Udzakhala mkazi wake ndithu. Ukapita kwa mwamuna wina iye ali moyo, sindidzatha kukupatsa Komunyo."

Kwa shehe tinapita masana. Ife akazi tinakhala pamphasa chapatali, a Efraimu ali pakhonde. Shehe anafotokoza mwa Chiswahili, Emma akunditanthauzira monong'ona. Anati kwa iwo ukwati ndi pangano: pamakhala womuimira mkazi, bambo ake kapena mbale wake wamwamuna, mboni ziwiri, ndi mahari, mphatso imene imakhala ya mkaziyo mwini. Mwamuna akapereka talaka, ndiye kuti wamusudzula, mkazi amadikira miyezi ngati itatu kuti zidziwike ngati ali ndi pakati, kenako angathe kukwatiwa. Mkazi wothawidwa angathe kukadandaula kwa woweruza wawo, nammasula.

Emma analephera kudzigwira, nafunsa ali pomwepo ngati pali lamulo lobweza mwamuna kunyumba.

"Lilipo lomuuza kuti akudyetse ndi kukuveka," anatero shehe. "La miyendo yake palibe. Ndiponso mayi, inu si athu."

Amalume ake a Emma, amene anali nkhoswe yake, ndiwo anafotokozera a Efraimu za mwambo. Anali kusoka ukonde, ndipo sanakweze n'komwe mutu.

"Ukwati amamanga ndi ankhoswe, ndiye amamasulanso ndi ankhoswe. Mawa lomwe ndituma mawu kwa nkhoswe yake, tithetsa pamaso pa anthu. Ana ndi athu. Iwe upeza wina, amuna sanathe m'nyanja muno."

"Amalume, ine sindikufuna wina."

"Ndiye ukufuna chiyani? Ndikam'mange ndi ukondewu?"

Pobwerera Emma ankayenda patsogolo, akuyankhula yekha. Anati aliyense ali ndi khomo lotulukira, Asilamu lawo, amalume lawo, Thadei lake, iye yekha ndiye watsekeredwa. Lamulungu lachiwiri linapita.

Otsala anali a Silvanus. Emma anagwada pakhomo pawo, iwo namudzutsa mwamanyazi. A Silvanus anafunsa ngati ukwatiwo unalembedwa ku boma, chifukwa zikanatero Bambo Mfumu wawo sakanapitirira khoti lisanaweruze. Sunalembedwe. Nthawi imeneyo palibe anaganizako, popeza ankhoswe analipo, Padre analipo.

"Njira ina ilipo," anatero a Silvanus. "Ukwati wotere umakonzeka. Bambo Mfumu amapempha chilolezo kwa Episkopi, inu mulonjeza kuti ana adzakulira ku Roma, ndiye nonse awiri mulumbiranso pamaso pawo ndi mboni. Zikatero palibenso angaumasule."

"Ndilonjeza lero lino."

"Mayi, ndati nonse awiri. Iyenso avomere ndi pakamwa pake."

Emma ndi wa Angilikani wa m'magazi. Agogo ake anasenza nawo miyala ya tchalitchi cha ku Likoma, ndipo Katarina anali atayamba kale kalasi la kwathu. Komabe Lachisanu tinakwera lole ya mtengatenga, iye ndi ine, kupita kumapiri. Kumeneko kumazizira, ndipo ife tinalibe chofunda china koma nsalu zathu.

Thadei tinamupeza pansi pa mtengo akupala thabwa. Atationa sanadabwe. Anandipatsa moni ine poyamba.

"Bambo a Katarina," anatero Emma, "sindinabwerere ndewu. Akuti ukwati wathu ndi wopunduka, koma umakonzeka. Tiyeni kwa Bambo Mfumu. Ana atengeni akhale Aroma. Inenso ndilowa kalasi lanu, ndikhala pansi ndi tiana kuphunzira, manyazi ndilibe."

Thadei anapala thabwa lija kangapo.

"Ndinachimwa, ndakalapa. Tsopano ndikufuna kukhala bwino ndi Mulungu."

"Tchimolo ndine?"

"Sindinatero."

"Munalumbira mutandigwira dzanja. Mawu aja munkauza ndani?"

"Ndinali mnyamata. Lamulo sindinapange ndine, amake Katarina."

"Koma munkalidziwa tsiku lija?"

Thadei anapukuta utuchi pathabwa, naliika pambali, natenga lina. Emma anagwira thabwalo ndi manja awiri kuti asapale. Anakokana pang'ono, kenako Thadei anangolisiya m'manja mwake, nalowa m'nyumba. Mkati munali amayi ake, ndipo anatseka chitseko ndi iwowo.

Tinagona kwa mayi wa nyemba uja. Mmawa Emma anapita kwa Bambo Mfumu. Anali mzungu wokalamba, ndipo anamumvetsera osamudula mawu. Anafunsa mafunso omwe aja, za ubatizo, za boma. Anaitanitsa Thadei, namufunsa pamaso pathu ngati akufuna kukonza ukwatiwo, namuuza kuti kutero ndiko kukanakhala koyenera, poona ana. Thadei anati sakufuna. Bambo Mfumu anamukalipira kwambiri, nati ana ndi ake, awadyetse, awaveke, ndipo akazemba adzamva. Kenako anatembenukira kwa Emma, nati kukakamiza munthu kulumbira iwo sangathe, chifukwa lumbiro lokakamiza si ukwati.

Emma anafunsa ngati angaimirire m'tchalitchi pa chilengezo chomaliza. Anamuuza kuti wanena kale zonse kwa woyenera kumva, ndipo mwa zimene wanenazo mulibe choletsa. Tinatsika osadikira Lamulungu. Njira yonse sanalire, ankangofunsa woyendetsa lole ngati tayandikira.

Maphunziro aja a Efraimu anawayamba mwezi wotsatira. Emma anabwera kwathu tsiku limene ankakonzekera phunziro la Aroma.

"Aphunzitsi, za ine mukanena?"

"Dzina lanu ayi."

"Dzina mulisiye. Koma lamulolo mukanene poyera, atsikana amve. Asamangofunsa kuti kwanu n'kuti. Azifunsa kuti unabatizidwa kuti."

A Efraimu anati Padre akufuna kuti ana aone ulemu wa ukwati wachikhristu, osati kunyoza mpingo wa anzawo, ndipo m'kalasimo muli ana a Aroma.

"Sindikuti munyoze. Bambo Mfumu aja sanandinamize. Kungoti palibe anandiuza ndisanavale mphete."

A Efraimu anakanenadi. Analemba pa bolodi mmene chipembedzo chilichonse chimamangira ukwati, amene amayenera kukhalapo, ndi ngati ungathe kutha. Atafika pa anthu a mipingo iwiri okwatirana, ana ena anayang'anana, chifukwa Mbamba Bay ndi yaing'ono. Mtsikana wina wa Roma anafunsa kuti mkaziyo ndiye amakhala ndani. A Efraimu anati kwa Angilikani ndi wokwatiwa, kwa Aroma ndi mbeta. Anafunsanso kuti nanga kwa Mulungu. Iwo anati funso limenelo akafunse Padre ndi Bambo Mfumu, aliyense payekha.

Thadei anakwatira Veneranda. Nthawi yokolola amatumiza thumba la chimanga, nthawi zina nyemba. Chaka chatha msodzi wina wa ku Lipingo, amene mkazi wake anamwalira, anatuma mawu kwa amalume a Emma. Ndi munthu wofatsa, ali ndi bwato lake. Amalume anavomera asanamufunse n'komwe. Emma anakhala sabata yathunthu osagona bwino, akubwera kwathu kudzafunsa a Efraimu ngati pali china chimene anaiwala kufunsa kwa Padre. Panalibe. Anamukana msodziyo.

Lamulungu Emma amakhala mbali ya azimayi, kutsogolo, ndipo amalandira Komunyo. Lolemba amayatsa moto kuseri kwa msika. Ogula achilendo akamufunsa ngati ali pa banja, amati inde, nawafunsa kuti akufuna nsomba zingati.