Ndime Yachinayi ya Belo ya Makiyi

Pamsika onse amawadziwa kuti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera zovala siichoka m'khosi mwawo, ngakhale pamaliro. Akhala akusoka pakhonde la golosale imodzimodziyo kwa zaka makumi awiri, ndipo khalidwe lawo limatopetsa makasitomala: sakhulupirira makutu. Ukawauza kuti chiuno chako ndi chakuti, amangoti "chabwino" uku akukukulunga tepi, kenako n'kulemba m'kope. Anaphunzira movutikira ali mtsikana, atadula diresi la mkwatibwi potsatira miyezo yongouzidwa pakamwa. Diresilo linathera m'mawondo, ndipo mpaka lero akalikumbuka amagwira kumutu.

Mlongo wawo wamng'ono, yemwe anamulera okha makolo atamwalira, ankasunga makiyi a nyumba yosungiramo simenti, n'chifukwa chake dzina lake linangosanduka Makiyi. Matumba a simenti atasowa, apolisi anayambira pa mwini makiyi. Anakhala pa rimandi masabata atatu, ndipo mkati mwa masabata amenewo mkazi wake anachira, mwana wamkazi. Bambo wake anali asanamuone.

Tsiku la chigamulo cha belo banja lonse linadzaza mabenchi awiri. Woweruza anawerenga kwa nthawi ndithu, womasulira akutsatira pambuyo, koma kunena zoona abale aja anamva mawu awiri okha: "Belo yaperekedwa." Azakhali anatuluka chothamanga kukaimbira nthungululu panja. Amalume anagwira chanza aliyense, ndi wapolisi wapakhomo yemwe. Mayi Tepi mtima unkagunda ngati makina awo akamathamangitsa mayunifolomu a sukulu, ndipo misozi anaipukuta ndi nsonga ya tepi.

Iwo ndi amalumewo ndiwo anali mboni za belo, omuimira kuti sathawa. Woweruza anawafunsa komwe amakhala, ntchito yawo ndi ubale wawo ndi Makiyi, n'kuwachenjeza kuti akathawa, khoti lidzagwira iwo. Atavomerezedwa anapita kuofesi ya kalaliki kukasaina. Amalume anasaina osayang'ana n'komwe. Mayi Tepi anaika cholembera pansi.

"Bambo, ndipatseniko pepala la chigamulocho ndilione ndi maso anga."

"Mayi, si mwamva kale m'khoti muja?" anatero kalaliki.

"Ndamva nthungululu. Zinazo zandidutsa."

Kalalikiyo anaseka n'kuwapatsa kope la chigamulo, masamba awiri. Mayi Tepi anakhala pabenchi ya m'khonde, n'kutulutsa kope lawo la miyezo. Pansi pa mzere wonena za siketi ya mphunzitsi wina analemba kuti BELO. Chingerezi cha kukhoti n'cholimba ngati nsalu ya jinzi, koma anachilowa pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo pomwe pawakanika ankabwerera pawindo la kalaliki mopanda manyazi.

Anayamba ndi zifukwa. Woweruza analemba kuti munthu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, kuti Makiyi ali ndi pokhala podziwika ndi banja, kuti apolisi anavomera kuti kafukufuku wawo watha, ndiponso kuti boma silinaonetse umboni woti angathawe. Apa Mayi Tepi anamwetulira okha. Mwana amene anamusambitsa ndi manja awo, lero pepala la boma likuti ndi munthu wa pakhomo pake! Koma woweruzayo anawonjezera kuti nkhawa ya boma pa mboni ndi yomveka, poti zina zimagwira naye ntchito limodzi.

Kenako anatsata malamulo a beloyo, akulemba limodzilimodzi. Chikole chosapereka ndalama pompo, chomwe chidzalipidwe pokhapokha akaphwanya belo. Kukaonekera kupolisi Lachisanu lililonse m'mawa. Osatuluka m'boma lomwe akukhala popanda chilolezo. Atafika pa ndime yachinayi, chala chinaima. Asalankhulane ndi mboni za boma, kaya yekha kaya kudzera mwa munthu wina, makamaka mlonda wa pamalopo ndi dalaivala wa lole. Akaphwanya lililonse, belo ikhoza kuthetsedwa, iye n'kubwerera ku rimandi. Pansi penipeni panali tsiku lodzayamba kumva mboni: pa 14 mwezi wotsatira, 9 koloko m'mawa.

Dalaivala wa lole! Ameneyo sanali wina koma mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, mnzake wa Makiyi wa ponda apa nane ndipondepo. Apolisi anamulemba ngati mboni chifukwa ndiye ankanyamula simentiyo. Ndipo m'mawa womwewo amalume anali atamuimbira foni kuti abwereke galimoto adzatenge mnzake mwaulemu.

Anasaina mofulumira pawindo la kalaliki, ndipo posakhalitsa panja panamveka hutala, katatu.

Anthu omwe analipo amanenabe kuti sanaonepo mayi wa thupi lake akuthamanga chotero. Patapata mmodzi anatsala pamasitepe. Makiyi anali atangotulutsidwa kumene, lamba ali m'manja, azakhali atamukolowekera m'khosi. Pageti panaima kagalimoto koyera, mlamu uja akutsika manja ali m'mwamba, mano onse pamtunda. Ndipo pansi pa mtengo, chapafupi pomwepo, wapolisi woimira boma pamlanduwo ankamwa madzi a m'botolo akuonerera.

"Alamu! Imani pomwepo!" anakuwa Mayi Tepi, atatambasula manja pakati pa awiriwo. "Bwererani m'galimoto!"

"Alamu, ndalakwanji? Ndabwera kudzatenga m'bale wanga."

"Simunalakwe, koma muli mupepalamu. Inu ndinu mboni ya boma. Mukangopatsana moni wautali, munthuyu akagonanso komwe wachokera."

"Iwe, usatichititse manyazi," anatero amalume. "Galimoto tabwereka, mafuta tathira. Akangokhala chete m'njira, chavuta n'chiyani?"

"Malume, awiriwa anakhalapo chete liti? Ndipo ndani akakhulupirire kuti anayenda ulendo wonse osatsegula pakamwa? Mwasaina nokha, werengani ndime yachinayi."

Amalume anafufuza magalasi m'matumba onse, osawapeza, n'kungoti, "Ndiye zake zimenezo."

Makiyi anayang'ana mnzakeyo. Zinawawa, chifukwa mlamuyo ndiye ankagula sopo ndi matewera a khandalo masabata onsewo. "Achemwali, ngakhale kungomuuza kuti zikomo?"

"Ngakhale kunditumira ine kuti ndikamuuze. Zikomo wakoyo musunge, sawola. Mlandu ukadzatha udzamuuza tsiku lonse."

Mlamuyo anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa, kenako analowa m'galimoto. Azakhali, amene miyendo inali itawatopa ndi kuvina, anaona kuti mafuta asapite pachabe, nakwera kutsogolo ngati bwana. Anthu anaphulika kuseka, ndi Makiyi yemwe. Wapolisi uja anatseka botolo lake n'kulowa m'khoti.

Mayi Tepi ndi Makiyi anakwera minibasi, atapanikizana pampando wakumbuyo. Njira yonse Mayi Tepi ankamufunsa ngati mwana wa sukulu: kupolisi liti? Lachisanu. Kukhoti liti? Pa 14, 9 koloko. Alamu akabwera kunyumba? Sabwera, ndipo ndikawaona panjira ndiwoloka msewu.

Kunyumba anapeza mkazi wa Makiyi ali pakhomo, kamwana kali m'manja. Makiyi anapukuta manja pa thalauza kawiri konse asanakalandire, ndipo atakanyamula analira mokweza, osasamala za ana a aneba omwe anadzaza pampanda. Mayi Tepi anamusiya alire. Anang'amba tsamba lija m'kope mwawo, ndi miyezo ya siketi ya aphunzitsi yomwe, n'kulikhoma ndi phini kuseri kwa chitseko, pomwe Makiyi azidzaliona nthawi iliyonse akamatuluka. Atatero anakhala pansi n'kupempha madzi akumwa, ndipo m'pamene anazindikira kuti ayenda tauni yonse ndi patapata mmodzi.