Ndowa ya Alamu

Chaka chimene kampani ya boma inagulitsidwa, amuna anga anabwera kunyumba ndi envulopu ya ndalama ndi kalata yowathokoza. Anali atagwira ntchito yosunga katundu kwa zaka zambiri. Anzawo ena anagula maminibasi akutha, ena anakamwera zonse kumabala a ku Mandevu. Ife tinagula kachigayo kopera chiponde, n'kukaika m'chipinda chogona ana, kwathu ku Chawama. Mtedza unkachokera kwa abale ku Katete. Ine ndinkakazinga, kupukusa ndi kupeta, iwo ankapera. Manja anga ananunkha mtedza zaka zonsezo, ngakhale Lamulungu m'tchalitchi.

Vuto linali lakuti kachigayoko kankapera m'mawa umodzi chiponde chimene tinkagulitsa sabata yathunthu. Masiku enawo kankangokhala kofundidwa chitenje, mwini nyumba n'kumatilipiritsabe magetsi ngati tili ndi fakitale.

Wotigulitsira wokhazikika anali mmodzi yekha, alamu anga, mkazi wa malemu mlongo wanga. Anali ndi katebulo pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, pamene ankagulitsa tomato, mchere ndi mafuta ophikira omanga m'timapepala. Lolemba lililonse ankabwera ndi ndowa yoyera yapulasitiki imene tinawabwereka, ife n'kuidzaza, iwo n'kumakagulitsa pasupuni. Tomato aliyense anali naye pamzerewo, koma chiponde chinali kwa iwo okha. Mayi wobwera kudzagula supuni ziwiri zotendera ndiwo ankatengeratu tomato ndi mchere pomwepo. Ana atatu a mlongo wanga ankadya za m'ndowa imeneyo, ndipo tonse tinkadziwa.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi tebulolo, kunali golosale yaikulu. Mwini wake anali Mubemba wa mimba yaikulu ndi phwete, amene analinso ndi masitolo ena awiri, m'makomboni a Kanyama ndi George. Katundu ankakaoda ku Kamwala, ndipo masiku amenewo malire atatseguka mashelefu ake anadzaza ndi mabotolo okongola a chiponde ochokera ku Joni. Tinaganiza kuti munthu wa masitolo atatu akhoza kudzutsa kachigayo kathu.

Bamboyu anali mbuya wathu. Ife akum'mawa ndi Abemba timatchana choncho, ndipo chimbuya ndi chilolezo chonyozana popanda wokwiya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani ndipo ndi akawalala, ndiye kuti akuba. Wokwiya ndiye amasekedwa. Koma chimbuya si nthabwala zokha. Pamaliro a mlongo wanga bambo yemweyu anabweretsa thumba la ufa, anagwira fosholo kumanda, kenako, monga mwa mwambo wa chimbuya, anandipaka ufa kumaso mpaka ndinaseka ndili m'kati molira.

Lachinayi lina, tsiku lopita kukalankhula naye, amuna anga anang'amba pepala m'kope la mwana n'kulemba mzere pakati, monga ankachitira kuntchito. Mbali imodzi zopereka, mbali ina zopempha. Tinakangana m'mawa wonse. Pa zopereka tinagwirizana kuti timutsitsire mtengo kuti pa botolo lililonse apezepo phindu looneka, tizimufikitsira tokha katundu pasitolo, ndipo mabotolo amene sanagulidwe pakatha mwezi tizitenga n'kuikapo atsopano. Pa zopempha tinalemba kuti lebulo yathu isachotsedwe, ndiponso mabotolo akhale pashelefu ya pamaso, osati pansi pamodzi ndi makandulo.

Kenako amuna anga anaika cholembera pansi. "Adzakupemphani kuti azigulitsa yekha kuno ku Chawama," anatero. "Onse amatero. Chimenecho ndicho chinthu chodula kwambiri chimene tili nacho. Sichiperekedwa chaulere. Amene wachifuna amalonjeza madazeni angati sabata iliyonse, ndipo mumalemberana. Koma ngakhale atalonjeza, tebulo la alamu lisakhudzidwe." Anatolanso cholembera n'kulemba zimenezi kumunsi kwa pepala lija.

Ndinawafunsa chifukwa chake sakupita okha, popeza nzeru zonse zinali nawo. Anati ine ndine wapakamwa. Zoona zake n'zakuti munthu amene anavala tayi zaka zonse zija sakanatha kulowa m'sitolo ya mnzake atanyamula chikwama cha mabotolo. Sindinawakakamize. Ndinali nditatopa kale, ndipo tsikulo ndinali nditadzuka kukazinga kusanache.

Podutsa pasiteshoni alamu anandikwezera dzanja, ine n'kukweza langa. Ndinalowa m'golosale muli anthu, ndipo ndisanapereke ndi moni yemwe, bamboyo anafuula ali kuseri kwa kauntala.

"Bisani vinthu, ba mbeba babwela! Ba mbuya, mwanibweletsela zingati zokazinga?"

"Nabwela kuona ngati mwasiliza kudya kolwe wa mailo," ndinayankha, kutanthauza nyani wa dzulo. "Mwasiyako muchila?"

Sitolo yonse inaseka. Anandikokera kreti kuti ndikhalepo, n'kunditsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi. Ndinatulutsa chiponde, iye anapisa chala n'kulawa. Anakweza botolo kuliyang'ana, n'kundionetsa mafuta amene anayandama pamwamba.

"Ivi vamafuta pamwamba, bantu bazakamba ati vaola. Onani va ku Joni, vilibe."

Ndinamuuza kuti mafutawo ndi a mtedza weniweni, kuti sitithiramo kanthu koma mchere, ndipo munthu amangotakasa. Anagwedeza mutu. Ankadziwa, iyenso anakulira pa chiponde chosinja. Ndinatchula mtengo, iye n'kugwira pamtima ngati ndamubaya.

"Mufuna kunipaya, ba mbuya? Na imwe mwayamba ukawalala? Iyo ni nchito yatu!"

Anthu anasekanso, nanenso ndinaseka, ndipo ndinatsitsako pang'ono. Kenako ndinachita zimene timachita pamsika, kuthira mbasela munthu asanapemphe. Ndinatchula zonse za papepala lija kamodzi, zomufikitsira katundu ndi zotenga mabotolo otsala, osasungako n'chimodzi chomwe choti ndisinthanitse. Iye anangomvetsera akumwetulira. Za lebulo anavomera. Za shelefu anati tidzaona. Anati ayamba ndi madazeni anayi, awagawe m'masitolo onse atatu. Madazeni anayi! Ndinamva ngati kachigayo kayamba kulira kunyumba.

Pamenepo anatsamira pakauntala n'kuloza ndi chibwano kutsidya kwa msewu.

"Manje chimozi chabe. Ine niziika botolo pa shelefu, uku pa tebulo bagulisa pa supuni. Nindani azagula botolo yanga? Muno mu Chawama nizigulisa neka."

Sananame, ndipo sanandibere. Wamalonda aliyense akanafunsa zomwezo. Yankho ndinali nalo, lolembedwa ndi dzanja la amuna anga, lili m'chikwama pamiyendo panga. Ndinayamba kunena kuti paja tebulolo ndi la alamu, koma nkhope yanga itangoyamba kuuma iye anaona, n'kutembenukira kwa anthu.

"Onani, mbuya akalipa! Bantu ba kum'mawa, ukabapasa bizinesi baganiza vamaliro. Ine nenze nakumba manda ya mulongo wanu, lelo munikanize supuni?"

Kuseka kunali kwakukulu kuposa poyamba. Mayi wina anandimenya paphewa. Ndikanati ndiumirire, ndikanakhala mbuya wokwiya pamaso pa anthu, wosayamika munthu amene anagwira fosholo. Ndikanati ndifunse za madazeni a sabata iliyonse ndi kulemberana, zikanamveka ngati ndamutenga wakubadi. Choncho ndinaseka, n'kunena kuti, "Tengani, ba kawalala imwe, muzafela vakuba." Anatambasula dzanja, ine n'kulilandira, anthu akuona.

Potuluka ndinadzera kuseri kwa golosale, njira yamatope yodutsa pamabala, kuti ndisadutse pasiteshoni.

Amuna anga anamvetsera zonse osandidula. Atamva za madazeni anayi anamwetulira. Atamva zinazo anafunsa funso limodzi.

"Walonjeza angati pa sabata?"

"Sitinafike pamenepo."

"Nanga tebulo?"

Ndinatulutsa pepala lija m'chikwama n'kuwabwezera. Iwo analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.

Kwa zaka zambiri ndinkanena kuti chimbuya ndicho chinandimanga pakamwa. N'zoona, koma si zonse. Kuyambira Lachinayi limenelo mpaka Lolemba panali masiku okwanira kubwerera, kumupeza bamboyo ali yekha n'kumuuza kuti tebulo lija lichoke m'pangano. Mwina akanavomera. Sindinapite, ndipo amuna anga sanandiuze kuti ndipite. Tonse tinali titawerengera mumtima kuti madazeni anayi ndi ochuluka kuposa ndowa imodzi, ndipo tinkaopa kuti tikabwerera angasinthe maganizo. Tinakazinga, tinapera, tinatsuka mabotolo ndi kumata malebulo, osayang'anana kwenikweni. Ndinali wotopa ndi kusauka, ndipo ndinachita manyazi ndi mmene kutopako kunandipangira kukhala munthu wosavuta kugula.

Bamboyo anatengadi madazeni anayi aja. Pambuyo pake ankaoda akafuna, mwezi wina kawiri, mwezi wina osaoda n'komwe, chifukwa palibe chimene chinkamukakamiza. Mabotolo athu anakhala pashelefu yachiwiri kuchokera pansi. Kachigayo kanapitiriza kufunda chitenje masiku ambiri, ndipo ife tinali titadzitsekera tokha Chawama yonse.

Koma Lolemba lija ndilo sindiliiwala. Alamu anafika nthawi yawo ya masiku onse, ndowa ili m'manja. Nkhani inali itawafika kale, pasiteshoni palibe chobisika. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo n'kuyang'ana makatoni a mabotolo amene tinasanja pafupi ndi chitseko.

"Nabweza ndowa yanu, mulamu," anatero. "Nasuka."

Ndinayamba kufotokoza za masitolo atatu, za magetsi, za mmene zinthu zikadzayenda bwino tidzawathandizire. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Namvela," anatero. "Bizinesi ni bizinesi. Nifuna chabe kuziba, pakuti tebulo yanga munaipeleka. Anakupasani chani?"

Ndinaganiza ndithu, kufunafuna choti ndiwauze, dazeni imodzi yolonjezedwa kapena kapepala kosainidwa. Panalibe. Chimene bambo uja anandipatsa tsiku limenelo chinali botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo ndinamwa lonse.

Alamu anaika ndowa pansi pafupi ndi mapazi anga, supuni ili m'kati, n'kubwerera kukagulitsa tomato.