Masamba Awiri a aKhoma

Kumalo osindikizira mabuku onse ankawatchula aKhoma, chifukwa tsamba lililonse lomwe ankayala pakompyuta linkaoneka ngati khoma la njerwa: kumanzere kowongoka, kumanja kowongoka, mizere yothithikana yoti ngakhale nyerere siingadutse. Mawu aatali ankawadula ndi kamzere kumapeto, nthawi zina mizere inayi yotsatizana, bola m'mphepete muwongoke. Anagwira choncho zaka makumi awiri, ndipo buku lililonse lalikulu linkafikira pa desiki pawo.

Kenako kunabwera mayi wina wodziwa ntchito yomweyo. Iyeyu mizere ankaitalikitsa, kumanja n'kukusiya kosafanana, kudula mawu mwa apo ndi apo. Makasitomala anayamba kufuna iyeyo, ndipo aKhoma nsanje inawagwira mpaka tiyi kumawawira.

"Taonani, kumanjaku ngati kwadyedwa ndi mbewa," ankatero. "Kungomaliza mapepala basi."

Tsiku lina bwana analandira buku la masamba mazana atatu. Anauza awiriwo kuti aliyense ayale tsamba loyamba, mlembi wa bukulo adzasankhe yekha woti ayale buku lonse. Mayi uja atapita kukadya, aKhoma anasindikiza tsamba la mayiyo, n'kulipinda limodzi ndi lawo. Ankafuna mboni, ndipo kunyumba inalipo: akazi awo, amene sanawatsutsepo chikwatiranireni.

"Mayi, tawerengani awiriwa. Mundiuze labwino."

Akazi awo anapukuta manja, navala magalasi, n'kuyamba ndi la aKhoma. Anaika chala pansi pa mzere woyamba, monga ankachitira nthawi zonse. Atafika kumapeto, diso linasochera pobwerera kumanzere, n'kubwerezanso mzere womwewo. Pa mawu odulidwa ankaima, kusakasaka chidutswa chinacho. Pomwe mawu anatalikirana kuti mzere udzaze, ankakwinya nkhope. Pakati pa tsamba anavula magalasi, natikita maso.

Anatenga linalo. Chala chinatsala pa tebulo. Anawerenga mpaka pansi, n'kulitembenuza kufuna kupitiriza, koma kumbuyo kunalibe kanthu.

"Tsamba lachiwiri la nkhaniyi lili kuti, bambo?"

AKhoma anayang'ana masamba awiriwo pa tebulo.

"Aa, musandiyese, ndadziwa kale," anatero akazi awo akumwetulira. "Loyambali mwalichita dala mwachikale chija. Ili ndiye mwaphunzira tsopano. Mabuku onse mumabwera nawo aja, ine palibe ndi limodzi lomwe ndinalimaliza, ndimangoopa kukuuzani. Ndimati ndi maso angawa. Zikomo, bambo, lero mwandiganizira."

Analisalaza tsambalo ndi chikhatho, nalisunga m'kabati ya mbale za alendo.

M'mawa mwake aKhoma anafika msanga, mlembi asanabwere. Anatsegula tsamba lawo, nayang'ana m'mphepete mowongoka muja kwa nthawi yaitali. Mayi wa kuntchito uja atafika n'kukhala pansi, aKhoma anamuyandikira, nkhope ili kumbali, mawu akutuluka movuta.

"Achemwali, mizere yanu ija mumaitalikitsa bwanji? Si ine ayi. Kunyumba akufuna tsamba lachiwiri."