Mafunso a Apongozi pa Mutu wa Nazale

Ogasiti akafika ku zigwa za Kasungu, minda imakhala itapuma koma anthu ayi. Mapesi a fodya amakhala atazulidwa, zigafa zili pululu, mphepo ikungonyamula fumbi m'munda uwu kukalitula m'munda uwo. Kumadambo anthu amayamba kuyendera zitsime, kuona ngati madzi adzafike nawo nthawi ya nazale.

Mayi Fainala Chisale anabadwira ku Njombwa, m'banja la fodya. Anaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri mpaka mawu anayamba kuwathera pakhosi, ndipo amuna awo atamwalira anasiya choko. Tsopano amagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono la alimi pafupi ndi Mtunthama, m'chipinda cha zenera limodzi chomwe kale ankasungiramo feteleza. Fungo lake silinachokebe.

Bungwelo limakonza timabuku ta alimi otsogolera makalabu. Kabuku kamagawidwa m'mitu. Mutu uliwonse umayamba ndi zolinga, kunena zimene mlimi ayenera kutha kuchita akaumaliza, ndipo umathera pa mafunso okambirana. Mlimi wotsogolera amaphunzira masiku ochepa ku bungwe, kenako amabwerera kwawo ndi kabukuko. Kumudziko kulibe mlangizi. Kalabu ikakhala pansi pa mtengo, chimene chimawerengedwa mokweza ndi mafunso basi, ndipo chimene sichinafunsidwe sichikambidwa. Ntchito ya mayi Fainala ndi kuona ngati mafunsowo akugwirizanadi ndi zolinga. Akapanda kusaina, mutu supita kokasindikiza.

Kagwiridwe kawo ndi ka kumunda. Amalemba cholinga chilichonse pa pepala lakelake n'kuyala patebulo, n'kutsindira ndi timiyala chifukwa cha mphepo. Mafunso amawadula limodzilimodzi ndi sizasi. Akatero amanyamula funso, n'kulifunsa ngati munthu: kodi mlimi akakuyankha bwino, wasonyeza kuti akutha chiti mwa izi? Likapeza kwawo, amaliika pamenepo. Likasowa, limapita pambali. Pomaliza amayang'ana cholinga chimene chatsala chopanda funso, ndiponso mafunso amene munthu angayankhe asanatsegule n'komwe kabuku.

Tsiku limenelo patebulo panali mutu wa nazale ya fodya. Zolinga zake zinali zitatu: mlimi athe kusankha malo a nazale n'kupereka zifukwa, afotokoze kafesedwe koyenera kuti mbande zisathithikane, ndiponso adziwe nthawi ndi njira yokhwimitsira mbande asanakawokere. Njinga yamoto yopita ku Kasungu kokasindikiza inkayenera kunyamuka masana, chifukwa alimi otsogolera anali atayitanidwa kale sabata yotsatira.

Anayamba m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mulu wa pambali unali utaposa yonse. Funso lina linkafunsa chifukwa chake mabelo amabwezedwa ku okushoni. Lina linkafunsa ngati n'kwabwino kugulitsa kwa mavenda pamene kunyumba kwavuta. Lina linali la mtengo wa feteleza. Anali mafunso abwino, olembedwa ndi munthu wodziwa pamene mlimi pamamuwawa. Pa cholinga cha malo panagwa awiri. Pa kafesedwe panagwa limodzi, nalonso lopepuka, longofuna kuti munthu atchule kutalika kwa bedi, pamene cholinga chinkafuna kuti afotokoze. Pa kukhwimitsa mbande panali kamwala kokha.

Anatembenuza pepala loyamba n'kuona tsiku limene mafunsowo analembedwa. Unali mwezi wa Meyi, msika uli pakati. Anamvetsa. Mu Meyi palibe amene amaganiza za nazale, aliyense mtima uli ku mabelo ake.

Vuto linali wolembayo. A Anderson Mwavi anali mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, munthu woti midzi yonse kuchokera ku Mtunthama mpaka ku Simlemba inkamudziwa ndi njinga yake. Analinso ang'ono awo a bambo a malemu amuna awo a mayi Fainala. Anali apongozi. Chikwatiwire, mayi Fainala anali asanakhalepo nawo mpando moyang'anizana. Akakumana panjira ankapatuka n'kunjuta. Za maliro, za munda, za fizi ya Thoko, mwana wa mayi Fainala, zonse zinkadutsa mwa munthu wina. Ku bungwe nako zinkayenda choncho: iwo ankalemba ndemanga, a Ernest, oyang'anira maphunziro, n'kukapereka.

Anapita kwa a Ernest n'kuwafotokozera. A Ernest anali ndi foni kukhutu ndi makiyi a njinga m'manja. Anamvetsera theka, kenako anati njira yachidule ilipo: angosintha zolingazo kuti zifanane ndi mafunso, awonjezepo cholinga cha za misika, cha kukhwimitsa achichotse, ndani angadziwe. Mayi Fainala anawakumbutsa kuti zolingazo zinavomerezedwa ndi komiti, ndiponso kuti za misika zili ndi mutu wake kutsogolo. Anati mbande sizidziwa kuti cholinga chafufutidwa. Zikapita kumunda zili zanthete, dzuwa la Novembala lizipsereza ndithu. A Ernest anapumira m'mwamba. Anati madalawo akubwera kudzatenga kalata yawo, ndiye akambirane okha, iwo atopa kukhala mlatho. Anatuluka foni ikuliranso.

A Mwavi anafika fumbi lili m'nsidze, atamanga miyendo ya buluku ndi mphira. Anaodira pakhomo ngakhale chitseko chinali chotsegula. Mayi Fainala anaimirira, anawapatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa benchi cha kukhoma, chammbali, maso ali pa zenera. Analonjerana motalika. Anafunsana za Thoko, za chifuwa cha apongozi aakazi, za chitsime cha kudambo. Zitatha zimenezo panalibenso chobisalira.

"Bambo, maso anga atopa lero," anatero mayi Fainala. "Mundithandize kuika timapepalati. Lililonse pansi pa cholinga chake."

Anali atawasakanizanso mafunso onse. A Mwavi anavala magalasi, anaseka pang'ono kuona ntchito yawo itadulidwadulidwa, nati amake Thoko asandutsa ofesi chigafa. Anayamba mwachangu. Awiri a malo anawaika osaganiza. La feteleza analigwira nthawi yaitali, kenako analiika pa kafesedwe, nati nazale imadyanso feteleza. Mayi Fainala anafunsa, akuyang'anabe zenera, ngati munthu wodandaula bwino za mtengo wa thumba ndiye kuti wasonyeza kuti amadziwa kusakaniza mbewu m'madzi a m'kheni n'kuthirira bedi mofanana. A Mwavi analiwerenganso funsolo. Analichotsa.

Kuchokera pamenepo manja awo anayamba kuchedwa. Funso lililonse ankaliwerenga kawiri, kuliyendetsa pamwamba pa zolinga zitatuzo, n'kuliika pambali. Atamaliza anayang'ana kamwala kaja.

Atayankhula, mawu anali okwera pang'ono. Anati iwo akhala pansi pa mitengo ndi alimi kuyambira mayi Fainala ali kusukulu. Ukafunsa za mbande anthu amasinza, amayi amayamba kusenda mtedza, abambo amakumbukira mbuzi. Koma ukangotchula okushoni, kalabu imakambirana mpaka dzuwa kulowa. Kodi mafunso okambirana si oti anthu akambirane?

"Akambiranadi, bambo. Akatero apita kwawo n'kukathirira mbande m'mawa ndi madzulo mpaka tsiku lowokera."

"Ndiye mwati ntchito yanga yonse ndi zinyalala."

"Ayi. Ndi ya mutu wa malonda. Ndiisunga."

"Mutu wa malonda ndi wa chaka chamawa, mayi. Mwandiwerengera masiku?"

Mayi Fainala anayang'ana pansi. Kunja a Ernest anali atayamba kuliza njinga, kuitenthetsa, mwina kuwafulumizitsa. Cholembera chinali pafupi. Akanatha kusaina, apongozi n'kupita kwawo ndi ulemu wawo, Lamulungu kutchalitchi n'kulonjerana monga kale. Anaganiza za makalabu onse amene adzawerenge tsambalo mu Seputembala. Anasiya manja pamiyendo.

A Mwavi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Anayang'ana kudenga. Kenako anauza mayi Fainala kuti alembe.

Ananena pang'onopang'ono, ngati akuona anthuwo. Alimi awiri oyandikana afesa tsiku limodzi. Kutatsala masabata awiri kuti awokere, wina wachepetsa kuthirira, mbande zake zikumafota masana, anzake akumuseka. Winayo akuthirirabe, zake zili biriwiri. Awokera, mvula yadula sabata yathunthu. Kodi munda wa ndani upirira, ndipo chifukwa chiyani? Inu mukadakhala woyambayo, mukadadziwa bwanji kuti mbande zafota mokwanira ndipo zikufunika madzi?

Mayi Fainala analemba, anawerenganso, n'kuliika pansi pa kamwala kaja. Linakhala. Munthu sakanaliyankha popanda kudziwa nthawi ndi njira, ndipo linali ndi pokanganirana.

Funso lachiwiri linabwera msanga: tchulani mwezi wowokera. Mayi Fainala anati limenelo ngakhale mwana woweta ng'ombe ayankha. A Mwavi anang'ung'udza kuti aphunzitsi a pulayimale sakhuta, koma analitembenuza: mvula ikachedwa mbande zitakhwima kale, mungatani kuti zisapitirire? Pa kafesedwe anapereka la mayi amene bedi lake lamera ngati udzu, mbande zoonda ngati singano. Analakwitsa pati, ndipo chaka chino achite chiyani? La kutalika kwa bedi analichotsa okha.

Pamene ankamaliza, njinga inali itazimitsidwa kalekale, a Ernest atakhala pakhonde akudya chinangwa mokwiya. Mayi Fainala anayalanso zonse komaliza. Cholinga chilichonse chinali ndi mafunso ake, ndipo panalibe funso loyenda lokha. Anakopera patsamba loyera n'kusaina. A Ernest anati akafika osindikiza atatseka, agona ku Kasungu, ndipo za malo ogona wina adzayankha. Ananyamuka.

A Mwavi anakana tiyi. Anaimirira, mawondo akulira, n'kufunsa ngati mutu wotsatira, wa kuwokera, wafika kale patebulopo. Mayi Fainala anati wafika, koma sanautsegule.

"Nawonso ndinalemba mu Meyi," anatero a Mwavi. "Bweretsani."

Anaupereka ndi manja awiri, atanjuta. Madalawo anaupinda, anaulowetsa m'thumba la jekete, n'kukankha njinga mpaka kumsewu osakwera. Mayi Fainala sanadziwe ngati akwiya kapena angotopa, ndipo panalibe woti amutume kukafunsa. Anatseka zenera chifukwa fumbi linali litayambanso kulowa.